Kuwerenga lisiti la m'sitolo lomwe mwatumiziridwa pa foni

M'makomboni monga Kanyama, Chawama ndi Mtendere, mabanja kapena amayi a chilimba amasonkha ndalama n'kutuma mmodzi kukagula zinthu m'tauni. Iye amajambula lisiti n'kutumiza pa WhatsApp. Mkangano umabuka pogawana mtengo, chifukwa kumunsi kwa lisiti kumakhala manambala angapo, aliyense n'kugwira yake.

Nambala yoti mugawane ndi iti?

Tiyerekeze kuti mwagula unga wa K250, shuga wa K116 ndi sopo wa K58, ndipo kumunsi kwalembedwa chonchi:

```
TOTAL      424.00
CASH       500.00
CHANGE      76.00
VAT 16%     24.00
```

Ndalama yomwe yapita ndi ya pa TOTAL, K424. CASH ndi imene wotumidwayo anapereka kwa wogulitsa, ndipo CHANGE ndi chenji, K76, yoyenera kubwera kunyumba.

Musaonjezere msonkho kawiri

Msonkho wa VAT, womwe boma limatolera kudzera ku ZRA, ndi K16 pa K100 iliyonse ya mtengo wopanda msonkho. M'masitolo akuluakulu umakhala kale m'kati mwa mtengo wa pashelefu. Choncho K24 ija sitolo ikungokudziwitsani gawo la boma. Mukaiphatikiza pa K424 n'kupeza K448, mwalipiritsa anzanu kawiri.

Nanga bwanji VAT yachepa chonchi? Unga wa chimanga salipiritsa VAT, ndiye msonkho wachokera pa shuga ndi sopo basi, K174. Kuti mutsimikize, chulukitsani 174 ndi 16, mugawe ndi 116. Mupeza 24.

Lisiti lokhala ndi SUBTOTAL

Masitolo ena, monga ogulitsa zomangira nyumba, amayamba ndi mtengo wopanda msonkho. Katundu wa K174 amamulemba SUBTOTAL 150.00, VAT 24.00, TOTAL 174.00. Apa msonkho waikidwa pamwamba, koma yolipira ikadali ya pa TOTAL. Kuti mudziwe mtundu wa lisiti lanu, phatikizani mitengo ya zinthu zonse. Ikafanana ndi TOTAL, msonkho uli m'kati. Ikafanana ndi SUBTOTAL, onani ngati kuikapo VAT kukufikitsani pa TOTAL. Pakakhala DISCOUNT, imeneyo mumachotsera.

Chithunzi chikamanamiza

Inki ya lisiti imafufuma msanga ndi dzuwa kapena kutentha kwa m'thumba, ndipo 3 amaoneka ngati 8. Popindika pamabisa kadontho, 58.00 n'kuoneka ngati 5800. Mukakayika nambala, chotsani CHANGE pa CASH: yotsalayo iyenera kufanana ndi TOTAL.

Wojambula aliyale lisiti patebulo powala, foni ili pamwamba penipeni, osathwanimitsa. Chithunzi chodukira pa SUBTOTAL musachilandire. Pemphani china chofika kumunsi. Lisiti lalitali likajambulidwa pawiri, mzere wapakati umaoneka m'zithunzi zonse ziwiri, ndiye muuwerenge kamodzi. Pepala lenilenilo lisungidwe mpaka aliyense atalandira chenji chake.