Mapepala opemphera sikolashipu ya DAAD: kuwasonkhanitsa mu PDF imodzi

Sikolashipu ya DAAD yotchedwa EPOS imalipirira maphunziro a masitazi ku Germany kwa anthu a m'maiko ngati lathu amene agwira ntchito zaka ziwiri atatenga digiri yoyamba. Pempho limapita ku yunivesite imene mwasankha, ndipo ambiri mwa mayunivesite amenewa amafuna zonse zibwere mu PDF imodzi, zitasanjidwa monga iwo anenera. Choncho musanalembe kalikonse, tsitsani mndandanda wa mapepala wa kosi yanuyo, ndipo muutsate mzere ndi mzere.

Yambani ndi zimene zili m'manja mwa anthu ena, chifukwa ndizo zimachedwa. Kalata yokuchitirani umboni yochokera kwa abwana anu iyenera kukhala pa pepala la dzina la kampani kapena unduna, yosayinidwa, yodindidwa, komanso ya deti laposachedwa. Ogwira ntchito ku Capital Hill mukudziwa kale kuti wosayina amapezeka lero, wosunga chidindo n'kupezeka sabata yamawa. Apempheni kudakali mwezi wathunthu, ndipo muwapatse CV yanu ndi dzina la kosi kuti asangolemba zoti ndinu munthu wakhama. Ngati kosiyo ikufuna makope otsimikizika, tengani masatifiketi enieniwo pamodzi ndi mafotokope kwa loya kapena majisitireti akadinde. Ikafuna IELTS, kumbukirani kuti zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha.

Kalata yanu yofotokoza cholinga isapitirire masamba awiri. Nenani kosi imene mukupempha, ntchito imene mukugwira, vuto lenileni limene mwakumana nalo pantchitopo, ndi phunziro la m'kosiyo limene lidzakuthandizeni kulithetsa mukabwerera. Zakuti munakulira m'mavuto zisiyeni. Owerenga akufuna kuona ntchito. Mukatero isindikizeni, muisayine ndi cholembera, n'kuisikana. CV nayo imasayinidwa chimodzimodzi.

M'kalata yomweyo ndi mofunika kumasula zimene mlendo sangamve. Tiyerekeze mayi amene anamaliza ku Polytechnic mu 2020 ndipo tsopano akugwira ntchito ku City Centre. Satifiketi yake yalembedwa University of Malawi, koma kalata ya mphunzitsi wake yabwera pa pepala la MUBAS, poti sukuluyi inaima payokha mu 2021. Ife tikudziwa kuti ndi sukulu imodzi, koma wowerenga wa ku Germany aona masukulu awiri. Chiganizo chimodzi chofotokoza kusinthaku n'chokwanira. Ngati mayiyu anasinthanso dzina atakwatiwa, moti pasipoti ndi satifiketi zikusiyana, aikemo chikalata cha ukwati kapena cholumbira chochokera kwa loya.

Tsopano kusikana. Mayi uja ali ndi masamba 14. Akawajambula ndi kamera ya foni, chithunzi chilichonse n'kukhala cha 3 MB, fayilo yonse idutsa 40 MB, pamene malo ena otumizira salola yoposa 5 MB. Pitani nawo pa sikana yeniyeni, monga za m'mashopu a fotokope ku Old Town, muwauze kuti aike pa 150 kapena 200 dpi. Masamba a zolemba zokhazokha akhale opanda mtundu, koma okhala ndi chidindo atuluke ndi mtundu wake kuti inki ioneke. Pepala la magiredi lisikanidwe mbali zonse ziwiri, chifukwa kumbuyo n'kumene nthawi zambiri kumakhala tanthauzo la malikisi, ndipo popanda ilo 65 wanu angamuyese wofooka. Musanachoke pashopupo, onetsetsani kuti mafayilo anu afufutidwa pakompyuta yawo. Muli pasipoti yanu mmenemo.

Polumikiza, ikani manambala kutsogolo kwa maina a mafayilo, 01, 02, 03, motsata mndandanda uja. Pulogalamu yaulere ya PDF24 imalumikiza ndi kuchepetsa mafayilo pakompyuta panu osawatumiza pa intaneti. Fayilo yotsekedwa ndi pasiwedi imakana kulumikizidwa, ndipo yosayinidwa mwa kompyuta siginecha yake imasiya kutsimikizika ikaphatikizidwa ndi zina. Zikatero pemphani mwini fayiloyo akupatseni yapapepala. Kosi ikanena kuti aumboni atumize okha, musaike n'komwe kalata yawo mu PDF yanu.

Mukachepetsa fayilo, itseguleni, muikulitse kufika 200%, muone ngati mawu a m'chidindo ndi nambala ya satifiketi zikuwerengeka. Zikafufuma, mwapanikiza kwambiri. Bwererani pa yoyamba ija. Werengani masamba ngati akwana onse ndipo palibe lozondoka, kenaka muitche dzina monga akulamulirani, kapena Surname_Firstname_EPOS.pdf ngati sananene.

Tumizani kutatsala masiku atatu, osadikira usiku womaliza pamene magetsi angathime. Nthawi ya ku Germany imafanana ndi yathu kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndipo miyezi yotsalayo iwo amakhala kumbuyo ndi ola limodzi.