Kuyeza Mchere ndi Zokometsera za Soseji Potengera Kulemera kwa Nyama

Kabuku ka mabanja ndi magulu a m'boma la Mwanza

Mabanja ena kuno ku Mwanza, kuyambira pa Boma, ku Thambani mpaka kwa Kunenekude, akapha mbuzi kapena nkhumba amagaya nyama ina n'kupanga soseji zodya pakhomo kapena zokazinga pachiwaya kuti agulitse kwa apaulendo a pa msewu wopita kuchipata cha Zobue. Dandaulo limene alangizi timalimva kawirikawiri ndi lakuti soseji sizituluka mofanana: lero mchere wawawa, sabata yamawa sukumveka n'komwe. Chimachititsa ndi kuthira zokometsera ndi dzanja kapena ndi supuni pamene nyama yake ikusintha kuchuluka tsiku ndi tsiku. Kabuku kano kakufotokoza njira imodzi yothetsera vutoli: kuyamba mwayeza nyama pasikelo, kenako kuwerengera chokometsera chilichonse monga peresenti ya kulemera kwa nyamayo.

Peresenti imodzi ndi magalamu angati?

Kilogalamu imodzi ili ndi magalamu 1,000. Peresenti imodzi ya kilogalamu ndi magalamu 10. Mukagwira mfundo imeneyi, zotsalazo n'zosavuta. Munthu akanena kuti mchere ukhale 1.8 peresenti, akutanthauza magalamu 18 pa kilogalamu iliyonse ya nyama. Akati adyo akhale 0.6 peresenti, ndiye kuti magalamu 6 pa kilogalamu.

Pa foni kapena papepala, werengerani chonchi:

```
magalamu a chokometsera = magalamu a nyama x peresenti ÷ 100
```

Nyama imene tikunena pano ndi mnofu pamodzi ndi mafuta ake, mutachotsa kale mafupa, chikopa ndi mitsempha yolimba. Madzi ndi zokometsera zina siziwerengedwa. Mnofu ndi mafuta ndiwo 100 peresenti, ndipo china chilichonse chimawerengeredwa kuchokera pamenepo.

Chifukwa chake supuni siyodalirika

Supuni imayeza malo amene chinthu chatenga, osati kulemera kwake. Supuni yaing'ono ya tiyi yodzaza mosasefukira ndi mchere wosalala wa m'paketi imalemera pafupifupi magalamu 6. Supuni yomweyo mukaidzaza ndi mchere wamibulu imapepuka, chifukwa pakati pa mibuluyo pamakhala mipata. Mchere ukanyowa nthawi ya dzinja umagwirana, ndipo muyeso umasinthanso. Tsono pa makilogalamu atatu kapena anayi, kaphonyedwe kakang'ono ka pa supuni iliyonse kamaunjikana mpaka kumveka pakamwa. Choncho pezani sikelo yaing'ono ya mabatire yowerenga galamu imodziimodzi. Ngati banja limodzi silingakwanitse, gulu likhoza kusonkherana n'kumabwerekana. Musanathire kanthu, ikani mbale yopanda kanthu pasikelo ndi kuibwezera pa 0, kuti kulemera kwa mbale kusalowe m'chiwerengero.

Muyeso woyambira wa soseji zaziwisi

Pa kilogalamu iliyonse ya nyama yogaya:

- mchere: 1.8 peresenti, magalamu 18
- njere za koliyanda zokazinga ndi kusinja: 0.4 peresenti, magalamu 4
- shuga: 0.35 peresenti, magalamu 3.5
- tsabola wakuda wosinja: 0.25 peresenti, magalamu 2.5
- tsabola wofiira wouma wosinja: 0.2 peresenti, magalamu 2
- adyo wamuwisi wosinja: 0.6 peresenti, magalamu 6
- madzi ozizira kwambiri: 8 peresenti, magalamu 80

Pa zonsezi, mchere ndiwo wofunika kuusamala koposa, pakuti ntchito yake si kukometsa kokha. Mukamakanda nyama yogaya, mchere umatulutsa kanthu komata ka m'minofu kamene kamagwirizanitsa mnofu, mafuta ndi madzi. Ukachepera pa 1.5 peresenti, soseji simagwirana bwino: ikapsa imayoyoka mukaidula, ndipo mafuta amathawira m'chiwaya. Ukapitirira 2 peresenti, anthu ambiri amaumva kuwawa. Zokometsera zinazo mukhoza kuzisintha momwe banja lanu likondera. Tsabola wa kambuzi ndi waukali, kotero mukaugwiritsa ntchito yambani ndi theka la muyeso wa tsabola wofiira, mudzawonjezere ulendo wina.

Chitsanzo: soseji za mbuzi

Tiyerekeze kuti mwagula nyama ya mbuzi yolemera makilogalamu 4.2 ndi mafupa omwe. Mutasadzula mafupa ndi mitsempha, mnofu watsala magalamu 2,600. Nyama ya mbuzi ilibe mafuta ambiri, ndipo soseji yopanda mafuta imauma n'kumakakamira kukhosi. Mafuta ayenera kukhala pakati pa 20 ndi 30 peresenti ya nyama yonse. Ndiye mwawonjezera magalamu 800 a mafuta olimba a pamsana pa nkhumba, kapena a ng'ombe ngati odya ake sadya nkhumba. Zonse pamodzi zakwana magalamu 3,400, ndipo mafuta ali pafupifupi 24 peresenti. Nambala ya 3,400 ndiyo muilembe pamwamba pa pepala lanu.

Mchere: 3,400 kuchulukitsa ndi 1.8, kugawa ndi 100, tikupeza magalamu 61.2, ndipo pasikelo muyeze 61. Njira yachidule ndi kuchulukitsa magalamu a pa kilogalamu ndi 3.4. Motero koliyanda ndi magalamu 13.6, shuga 11.9, tsabola wakuda 8.5, tsabola wofiira 6.8, adyo 20.4 ndipo madzi 272. Madzi mukhoza kuwayeza pasikelo pomwepo, chifukwa mililita imodzi ya madzi imalemera galamu imodzi.

Taonani tsopano chimene chimachitika munthu akawerengera pa nyama ya mafupa. Akaphatikiza makilogalamu 4.2 aja ndi mafuta, amapeza makilogalamu 5, n'kuyeza mchere magalamu 90. Mchere wonsewo umalowa m'nyama ya magalamu 3,400 okha, ndipo umafika 2.6 peresenti. Soseji yotereyi ndi ija munthu amaluma kamodzi n'kuyamba kufunsa madzi akumwa. Ngati zachitika musanaike m'matumbo, musathire madzi ambiri poganiza kuti musungunula mcherewo, chifukwa madziwo adzatuluka pokazinga, mchere n'kutsalira. Mankhwala ake ndi kuwonjezera nyama. Gawani 90 ndi 18, mupeza 5, kutanthauza kuti mcherewo ukufuna makilogalamu 5 a nyama, ndiye mukusowa magalamu 1,600.

Kulakwitsa kwina kumabwera ndi kadontho ka pakati pa manambala. Mukadina 18 m'malo mwa 1.8 pa foni, yankho lidzakhala magalamu 612. Nthawi zonse dzifunseni: kodi mchere wapitirira magalamu 20 pa kilogalamu? Ngati wapitirira, werengeraninso musanathire.

Kusakaniziratu zokometsera zouma

Sikelo yowerenga galamu imodziimodzi imavutika ndi zinthu zopepuka monga magalamu 2 a tsabola. Ikaphonya ndi galamu imodzi yokha, ndiye kuti yaphonya theka la tsabola yense. Njira yabwino ndi kusakaniza zouma zokwanira makilogalamu 10 a nyama nthawi imodzi: mchere magalamu 180, koliyanda 40, shuga 35, tsabola wakuda 25 ndi tsabola wofiira 20. Zonse pamodzi ndi magalamu 300, kutanthauza magalamu 30 pa kilogalamu, kapena kuti 3 peresenti. Pa nyama yathu ija ya magalamu 3,400, mungoyeza magalamu 102 a msakanizowu, n'kuwonjezera adyo ndi madzi.

Sungani m'botolo louma lotsekeka bwino, ndipo mulembepo tsiku ndi mawu akuti magalamu 30 pa kilogalamu. Adyo wamuwisi asalowe m'botolomo chifukwa amanyowetsa zonse. Musanatunge, khutchumulani botolo mwamphamvu, pakuti mchere ndi wolemera ndipo umatsikira pansi. Mukapanda kutero, soseji zoyamba zidzachuluka tsabola, zomaliza n'kuchuluka mchere.

Zokometsera za soseji zogula m'masitolo ku Blantyre kapena kwina nthawi zambiri zimakhala ndi mchere kale. Werengani papaketi kuti akuti magalamu angati pa kilogalamu, mutsatire zimenezo, osawonjezeranso mchere wanu.

Kukanda ndi kulawa

Nyama ndi mafuta zikhale zozizira kwambiri pogaya ndi pokanda. Kuno kumatentha, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, choncho gwirani ntchitoyi m'mamawa. Mafuta akafunda amayamba kupakika m'manja ndi m'mbali mwa beseni, ndipo ngakhale muyeso wa mchere ukhale wolondola, soseji idzayoyoka. Sungunulani zokometsera m'madzi ozizira aja, thirani pa nyama, kandani mpaka iyambe kunanda. Tengani kachibulumwa, mukamate pachikhatho n'kutembenuza dzanja. Kakakhala kosagwa kwa kanthawi, nyama yagwirana.

Musanaike m'matumbo, kazingani kachidutswa mpaka kapse, mukasiye kazizire pang'ono, mulawe. Musalawe nyama yaiwisi. Ngati mukufuna kuwonjezera kanthu, kayezeni pasikelo, osangowaza.

Timikate ta nyama toika m'mabanzi

Timikate ta nyama yogaya sitifuna kulimba ngati soseji. Mchere ukhale pakati pa 1 ndi 1.2 peresenti, ndiye kuti magalamu 10 mpaka 12 pa kilogalamu, ndipo muuthire pamene mwatsala pang'ono kuumba ndi kukazinga. Mukauthira msanga n'kukanda kwambiri, timikate timalimba n'kumatafunika ngati mphira. Chifukwa cha ichi, amene amapanga zonse ziwiri asunge botolo lina lopanda mchere. Msakanizo wopanda mchere umakwana magalamu 12 pa kilogalamu, ndipo mchere muziyeza paokha: 18 wa soseji, 10 mpaka 12 wa timikate.

Zimene muyesowu sungachite

Mchere wa 1.8 peresenti suteteza nyama kuti isaonongeke. Soseji zimenezi ndi zaziwisi. Muzisunge mufiriji ndi kuziphika pasanathe masiku awiri, kapena muziumitse ndi chisanu ngati mukufuna zikhalitse. Ngati mulibe firiji, kapena magetsi azima kwa nthawi yaitali, pangani zochepa ndi kuziphika nthawi yomweyo. Zipse mpaka pakati, pafike madigiri 71 ngati muli ndi choyezera kutentha. Gwiritsani ntchito nyama yoyezedwa ndi alangizi a ziweto, ndipo nyama ya nkhumba yokhala ndi timatuza toyera tonga njere za mpunga musaigaye n'komwe.

Palinso mchere wapadera wokhala ndi naitiraiti, umene amagwiritsa ntchito popanga polone ndi soseji zofukiza. Umabwera wamphamvu zosiyanasiyana, ndipo ukachuluka ndi poizoni. Soseji za m'kabuku kano siziufuna. Musauike m'malo mwa mchere wamba, ndipo musauyeze ndi supuni.

Lembani m'kope

Ulendo uliwonse lembani tsiku, kulemera kwa mnofu, kulemera kwa mafuta, magalamu a chokometsera chilichonse ndi zimene odya anena. Mukafuna kusintha, sinthani chinthu chimodzi chokha pa ulendo, mwachitsanzo kutsitsa mchere kuchoka pa 1.8 kufika pa 1.6 peresenti, kuti mudziwe chenicheni chimene chasintha kakomedwe. Mukaupeza muyeso umene banja lanu kapena ogula anu akuukonda, ulembeni m'maperesenti. Ukatero udzagwira ntchito chimodzimodzi pa theka la kilogalamu la chakudya chamadzulo ndi pa makilogalamu 20 a paukwati, ndipo aliyense wa m'banjamo adzatha kuutsatira inu mutachokapo.