Mverani Voisi Mpaka Kumapeto

Ana anga a ku Zvishavane, Shurugwi, Kwekwe ndi Redcliff, m'mabanja mwathu muno mwasanduka amithenga. Agogo anu, amene makolo awo adachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi ya Shabanie ndi Globe and Phoenix, salemba pa foni. Amadina batani n'kulankhula. Voisi yawo imafikira inu, kuti muipereke kwa mbale amene ali pa shifiti. Munthuyo akatuluka mu mgodi amakhala wotopa, bandulo ili pafupi kutha, galimoto ya antchito ikulira. Voisi ya mphindi zinayi saimvera. Amawerenga mizere yanu iwiri, ndipo chimene mwalemba ndicho achite.

Mverani mpaka kumapeto. Ndikubwereza: mpaka kumapeto. Wamkulu wakwathu sayamba ndi pempho, ngakhale nyumba ikupsa. Amayamba ndi moni, afunse za ana, afotokoze mmene matenda adayambira, ndipo chimene akufuna chimabwera pomaliza, motsitsa mawu, chifukwa kupempha ndalama kumachititsa manyazi. Inu mumathamangitsa voisi pa 2x, mukamva "akudwala" mwatseka. Pamenepo pempho mwalitaya.

Ine ndidalitaya. Azakhali anga a ku Maglas adanditumizira voisi akulira, Chichewa chosakaniza ndi Chishona, mphepo ikuwomba pa foni. Ndidamva theka, n'kulembera mwana wawo wa ku Shurugwi kuti, "Abambo sali bwino, uimbe kunyumba." Iye adaganiza kuti ndi matenda awo a masiku onse. Adagona kaye, adaimba usiku. Koma kumapeto kwa voisi ija azakhali adanena kuti achipatala awatumiza ku Gweru, galimoto yapezeka, mwini wake akufuna ndalama ya mafuta tsiku lomwelo. Galimoto idapita ndi ena. Odwala adagona usiku wina akubuula, ndipo mwana wawo adatha chaka osandikhulupirira pa nkhani iliyonse. Fisi akatola fupa sadyera pomwepo, koma uthenga wa matenda sudikira.

Umene ndikadalemba ndi uwu: "Amayi akupempha utumize madola 40 a ku America pa EcoCash yawo lero Lachitatu isanakwane 4 koloko masana. Ndi ya mafuta a galimoto yotengera abambo ku chipatala cha Gweru. Ukatumiza undiuze." Pempho lili patsogolo, chifukwa chake pambuyo. Wapempha ndani, akufuna chiyani, zingati, pofika liti, kudzera njira iti: zonse zilimo. Moni, misozi ndi mbiri ya matenda zatsala mu voisi, mwana wawo adzazimva akaimba.

Pa ndalama mpamene muyenera kusamala koposa. Kuyambira mu Epulo 2024 tili ndi ZiG pambali pa dola ya ku America, ndiye "handiredi" yopanda dzina la ndalama si uthenga. Komanso manambala timawatchula m'Chingelezi, ndipo mu voisi ya munthu amene akuthamanga 15 ndi 50 zimamveka chimodzimodzi. Musaganizire. Bwezani pomwepo, mumvere kawiri. Zikakanabe kumveka, imbani mufunse funso limodzi lokha: "Azakhali, mwati khumi ndi zisanu kapena makumi asanu?" Nambala ya foni yotumizirapo ndalama musailembe pongoimva m'khutu. Iwerengeni mobweza kwa mwini wake, ayankhe kuti inde.

Musalembe "mawa." Voisi yojambulidwa usiku ingakufikireni m'mawa netiweki itabwerera, ndipo wa shifiti ya usiku angawerenge uthenga wanu tsiku litasintha kale. Onani nthawi imene voisi idatumizidwa, mulembe dzina la tsiku.

Musawonjezere, musachepetse. Akati odwala akupuma movutika, musalembe kuti atsala pang'ono kutisiya, poganiza kuti ndalama ibwera msanga. Munthu angadumphe shifiti, adulidwe malipiro, atsike Boterekwa usiku mtima uli m'mwamba chifukwa cha mawu amene palibe adanena. Akati "ngati angakwanitse," mawu amenewo asasowe, pakuti pempho lisasanduke lamulo m'manja mwanu. Maganizo anu alembeni padera, adziwike kuti ndi anu.

Nthawi zina voisi imodzi imanyamula mapempho atatu: mafuta a galimoto, fizi ya mwana, ngongole ya ku sosaite ya maliro. Sankhani limene nthawi yake ikutha lero, likhale lokha mu uthenga woyamba. Enawo atsatire mu uthenga wachiwiri. Mukawaunjika pamodzi, wowerenga amasankha lopepuka.

Ndipo voisi yeniyeniyo musaiponye pa gulu la banja la WhatsApp kuti mupepukidwe ntchito. Azakhali amalankhula ndi inu, ndipo pakati pa misozi adatchulapo amene adakana kuwathandiza mwezi watha. Zimenezo zithere m'khutu mwanu. Mukatumiza uthenga wanu waufupi, dikirani yankho. Pakadutsa ola shifiti itatha muli zii, imbani. Kenako abwezereni azakhali mawu pa voisi, poti kuwerenga kumawavuta: "Ndamuuza, wati atumiza 3 koloko."