Anachita ndani? Phunziro la kalembedwe ka lipoti la ngozi

Pano pasukulu yathu, chiweto chikafa, chida chikawonongeka kapena munthu akavulala, amene anali pa ntchito amalemba lipoti. Ambiri mwa ife timasamala za tsiku, nthawi ndi chiwerengero, koma sitisamala za mneni, mawu aja onena zimene zinachitika. Komatu mneni ndiye amaulula kapena kubisa amene anachita chinthu. Tiphunzire zimenezi pa chitsanzo cha khola la anapiye.

Tinene kuti ndi mwezi wa Juni, usiku wozizira, ndipo m'khola muli anapiye 200 a nkhuku za nyama, a masiku anayi. M'mawa 37 apezeka akufa, ndipo lipoti lafika lotere: "Mbaula inalowetsedwa m'khola nthawi ya 22:00. Makatani anatsekedwa. Anapiye sanayenderedwe mpaka 05:00. Anapiye 37 anapezeka atafa."

M'lipotili mulibe bodza, koma mulibenso munthu. Aneni atatu oyambawo ali mu msintho wochitidwa, umene timauzindikira ndi mathero akuti -idwa kapena -edwa. Msinthowu umaika patsogolo chinthu chimene chinachitiridwa ntchito, ndipo umalola kuti wochitayo asatchulidwe konse. Woyang'anira famu akawerenga zimenezi sadziwa woti amufunse, ndiponso sadziwa choti akonze usiku wina usanafike.

Tsopano timve nkhani yomweyo wochita ntchito ali patsogolo: "Ine ndinayatsa makala panja nthawi ya 21:50, ndipo ndinalowetsa mbaula nthawi ya 22:00 makala ena akadali akuda. Kapitawo wa gawo la nkhuku anandiuza madzulo kuti nditseke makatani onse chifukwa cha kuzizira, ndipo ndinatseka mpaka pamwamba. Ndinagona, sindinayendere khola mpaka 05:00. Ndinapeza anapiye 37 atafa ndipo otsalawo ali ofooka. Ndinatsegula makatani n'kutulutsa mbaula."

Apa zolakwa zitatu zaonekera, ndipo chilichonse chili ndi mwini wake. Makala oyaka m'malo otsekeka amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka kapena kununkha, n'chifukwa chake timayembekeza kuti akolere kaye panja, ndipo timasiya mpata pamwamba pa makatani. Wophunzirayo analakwa kulowetsa mbaula msanga ndiponso kugona. Koma langizo lotseka makatani onse linachokera kwa kapitawo, amene sanatchule za mpatawo. Lipoti loyamba lija linabisa wophunzira, koma linabisanso kapitawo, ndipo chilango chikanagwera wamng'ono yekha pamene langizo lolakwikalo likanapitirira kuperekedwa kwa ena. Kutchula wochita ntchito si kudzipachika. Nthawi zambiri kumateteza wolembayo, chifukwa kumaonetsa pamene udindo wake unathera ndi pamene wa mnzake unayambira.

Chilankhulo chathu chili ndi njira zina zitatu zobisira munthu zimene tiyenera kuzidziwa. Yoyamba ndi mathero akuti -ika, -eka kapena -oka. Tikati "chitseko chinathyoledwa", tavomereza kuti pali dzanja limene linathyola, ndipo wowerenga angafunse kuti ndi ndani. Tikati "chitseko chinathyoka", dzanjalo talichotseratu, ngati kuti chitseko chinangofika pothyoka chokha. Mneni wotere salola n'komwe kuti titchule munthu pambuyo pake: timanena kuti "chinathyoledwa ndi mlonda", koma sitinena kuti "chinathyoka ndi mlonda". Choncho mawu ngati akuti "mankhwala anatayika" kapena "khasu linasweka" tiziwalemba pokhapokha ngati palibedi amene anachititsa, monga pamene mtengo wofumbwa ndi chiswe wathyoka.

Njira yachiwiri ndi mneni woyamba ndi a- wopanda dzina, monga "anandiuza kuti nditseke". Chiganizochi chimaoneka ngati chatchula wochita, koma a- ameneyu angakhale munthu mmodzi wamkulu amene tikumulemekeza, anthu ambiri, kapena wina aliyense. Ulemu ndi wabwino, koma m'lipoti tiulembe pamodzi ndi dzina ndi udindo wa munthuyo, kuti pasakhale kufunsana kuti anali mphunzitsi, kapitawo kapena wophunzira mnzathu.

Njira yachitatu ndi kupatsa udindo chinthu chopanda moyo. Chiganizo chakuti "utsi unapha anapiye" chili ndi wochita patsogolo ndithu, komabe sichinena amene analowetsa mbaula. Utsi sungaitanidwe ku ofesi kuti ukafotokoze. Ndiponso chimene chinapha ziweto amatsimikiza ndi dokotala wa ziweto akazipima. Wolemba lipoti anene zimene anaona ndi zimene anachita.

Tisaganize kuti msintho wochitidwa ndi woipa nthawi zonse. Pali pamene umanena zoona kuposa unzakewo. Ngati m'mawa tapeza chitseko cha nyumba yosungiramo chakudya cha nkhuku chili chothyola ndipo matumba awiri palibe, tilembe kuti "chitseko chinathyoledwa usiku ndipo matumba awiri anatengedwa, sindinaone amene anachita zimenezi". Tikalemba kuti "mlonda anatenga matumba" pongomva mphekesera, taika mlandu wa kuba pa munthu popanda umboni, ndipo pepala likangosainidwa n'kovuta kulibweza. Chofunika apa ndi mawu omalizawo. Wolemba anene poyera kuti wochitayo sakumudziwa, kuti wowerenga asiyanitse kusadziwa ndi kubisa.

Msinthowu umathandizanso pamene nkhani yaikulu ili pa wovulalayo. "Wophunzira anagundidwa ndi ng'ombe yamphongo pa dibi ndipo anatengedwa kupita ku chipatala" ndi chiganizo chabwino choyambira lipoti, chifukwa chaika patsogolo munthu amene tonse tikumudera nkhawa, ndipo kachiganizo kakuti "ndi ng'ombe yamphongo" katchula chimene chinamuvulaza. Koma ziganizo zotsatira zibwerere kwa anthu: amene anatsegula chipata, amene analamula kuti ng'ombeyo ilowe, ndi amene anali kuyang'anira.

Tikamaliza kulemba, tiwerengenso lipoti lathu ndi pensulo m'manja. Tidule mzere pansi pa mneni aliyense wothera ndi -dwa, -ika, -eka kapena -oka, ndiponso aliyense woyamba ndi a- wopanda dzina, kenako tifunse kuti "ndani?" Ngati yankho tikulidziwa chifukwa tinaona kapena tinachita tokha, tisinthe chiganizocho wochitayo akhale patsogolo, ngakhale atakhala ife. Ngati tinangomva, titchule amene anatiuza. Ngati sitikudziwa, mneniyo akhale momwemo ndipo tiwonjezere kuti sitikudziwa. Inu amene munamaliza maphunziro ndipo muli ndi antchito pa minda yanu, muzifunsa funso lomweli modekha, pakuti wantchito amene amakalipiridwa akangonena kuti "ndinaiwala" amaphunzira msanga kunena kuti "zinaiwalika".

Ntchito ya mwezi uno ndi iyi. Lembaninso ziganizo zitatu izi monga munthu amene analipo, ndipo pa chilichonse munene chifukwa chimene mwasinthira mneni kapena mwamusiyira momwemo: "Chipata chinasiyidwa chotsegula ndipo mbuzi zinalowa m'dimba." "Katemera wa chitopa anawonongeka." "Anati tipopere mankhwala masana." Ophunzira abweretse mayankho awo ku phunziro lotsatira la kasungidwe ka mabuku a pa famu.