Ndinalangiza mkwatibwi pa Zoom, koma kunali zii

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 54, ndimakhala ku Zingwangwa ndipo ndine wa Mvano. Anthu amandiitana m'mabulaido shawa kuti ndikalankhule za kasamalidwe ka ndalama m'banja. Pepala langa ndayenda nalo m'maholo a ku Ndirande, Chilomoni mpaka ku Bangwe, ndipo sindikhala pansi popanda nthungululu.

Mwana wa akulu anga amene ali ku Joni atapeza banja, anandipempha kuti ndimulangize pa Zoom. Ndinatenga pepala lomwelo. Nditalowa ndinapeza onse azimitsa makamera, pafoni pakungooneka mayina. Ndinati, "Amayi mulipo?" Kunali zii. Nthabwala yanga ya bambo wobisa malipiro m'sokosi, imene imagwetsa anthu ndi phwete, palibe anaseka. Ndinayambitsa nyimbo, ndinaimba ndekha. Ndinangoweramira papepala n'kumawerenga, mpaka mwana wanga anandigwira paphewa kuti, "Amayi, foni inaduka kalekale."

Mwezi wamawa mng'ono wake wa mtsikanayo akulowanso m'banja komweko, ndipo andipemphanso. Mtima ukundiwawabe. Kodi sikunali kundinyoza kuja? Ndikane?

Mayi wa ku Zingwangwa

Achemwali,

Musakane. Akanakhala kuti anakunyozani sakanabweranso pakhomo panu kachiwiri. Makamera aja anazimitsa pofuna kupulumutsa bandulo. Malinga ndi ziwerengero za eni ake a Zoom, mawu okha amadya ma MB osafika 40 pa ola, pamene vidiyo imadya oposa 250 pa ola mbali imodzi yokha. Mtsikana wogwira ntchito ya m'nyumba ku Joni, amene akusunga ndalama yoti atumize kumudzi, sangayatse kamera masana onse. Chete uja nayenso ali ndi chifukwa chake. Woyendetsa msonkhano kawirikawiri amatsekera anthu onse pa Mute kuti phokoso la ana, mapoto ndi magalimoto lisakuphimbeni. N'kutheka kuti amayi anayankha "Tilipo!" ndipo anaseka za sokosi zija, kungoti mawu awo anathera m'nyumba zawo.

Vuto lenileni lili papepala lanu. Munalilembera holo. Kalankhulidwe kathu kamafuna woyankha: wanthano akati "Padangotero" amadikira "Tili tonse", mlaliki akati "Aleluya" amadikira "Ameni". Pepala lanu nalo lili ndi mipata imene munasiyira anthu kuti adzaze ndi kuseka, kuvomera ndi nthungululu. Muholo simuiona mipatayo chifukwa imadzadzidwa nthawi yomweyo. Pafoni imakhala pululu, inu n'kumaona ngati mwalakwitsa, kenako mumayamba kuthamanga, mawu n'kutsika, maso n'kulowa papepala. Ndi zimene zinakuchitikirani.

Choncho tengani cholembera, muwerenge pepalalo mokweza, muchonge paliponse pamene mukudikira kuti wina akuyankheni, pamene mukuloza chinthu, ndi pamene mukunena za zimene mukuona. Malo onsewo akufunika kulembedwanso. Tiyerekeze kuti muholo mumayamba chonchi:

"Amayi mulipo? Mwana uyu wakongola kapena sanakongole? Taonani mbale zitatu ndanyamulazi. Iyi ndi ya chiyani? Eya! Nanga iyi? Inu amayi avala zofiira kumbuyoko, mukuseka chiyani, kapena ndi amuna anu ndikunenawa?"

M'mizere yochepayi muli mafunso asanu ofuna yankho, kuloza kuwiri, ndi nthabwala yodalira munthu amene simudzamuona. Pafoni mungalembe motere:

"Mwanawe, ndine mayi ako aang'ono, ndikulankhula kuchokera ku Zingwangwa. Ndikuuza zinthu zitatu za ndalama, ndipo ndimaliza m'mphindi 9. Patebulo pano ndaika mbale zitatu. Yoyamba ndi ya lendi ndi chakudya. Yachiwiri ndi ya tsiku la matenda kapena maliro. Yachitatu ndi ya kutumiza kumudzi. Ndiyamba ndi yachitatuyi, chifukwa ndi imene imayambanitsa mabanja a ku Joni: iwe ukufuna kutumiza kwanu, mwamuna akufuna kutumiza kwawo, malipiro ndi omwewo."

Mwaona zimene zasintha. Simukulankhulanso ndi "amayi nonse", mukulankhula ndi munthu mmodzi, mkwatibwi, ena akumvera pambali. Aulutsi a Zokonda Amayi pa MBC sawaona amayi a ku Nsanje kapena ku Karonga, komabe aliyense amamva ngati akucheza naye, chifukwa salankhula ngati ali pamsonkhano wapabwalo. "Iyi" ndi "uyu" zachoka, chinthu chilichonse mwachitchula dzina, poti ena foni adzaiika m'thumba la apuloni akutsuka mbale ndipo sadzaona chimene mwakweza m'mwamba. Mwanenanso poyambirira kuti mfundo ndi zingati ndipo mutenga nthawi yotani. Womvera wosaonedwa amachoka mosavuta, palibe manyazi odzuka pakati pa anthu, koma akadziwa kuti zatsala ziwiri amapirira.

Nthabwala ya sokosi musaitaye, ndi yabwino. Ingoikonzani kuti isafune kuseka kwa anthu kuti iime. Muinene, mupume kamodzi, museke nokha pang'ono ngati mmene mumachitira mukamacheza pafoni ndi mnzanu, kenako munene phunziro lake n'kupitirira. Chimapha ndi kuima n'kumadikira phwete limene silikubwera.

Nyimbo yoimba pamodzi ichotseni, ngakhale ndikudziwa kuti kwa mayi wa Mvano zimenezi n'zowawa. Mawu anu amatenga kanthawi kuti afike kwa womvera, ake amatenganso kanthawi kuti abwerere, ndipo kuchedwako kumasiyana foni ndi foni malinga ndi netiweki. Anthu 15 akati athirire mang'ombe, aliyense amalowa nthawi yakeyake. Komanso Zoom inakonzedwa kuti izisefa phokoso n'kusiya mawu olankhula, ndiye kuwomba m'manja ndi nthungululu nthawi zambiri imazidula. Ngati nyimbo ikufunika, ayambitse ndi amene ali m'nyumba imodzi ndi mkwatibwi, inu mumvere.

Tsopano nkhani yaikulu, yoti musadzalankhulenso ndi foni yoduka. Pemphani munthu mmodzi wa ku Joniko, makamaka amene adzakhale pafupi ndi mkwatibwi, kuti akhale maso anu. Iyeyo yekha asatsekedwe pa Mute. Pepala lanu muligawe m'zigawo zitatu za mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo pamapeto pa chigawo chilichonse mulembe ndi zilembo zikuluzikulu dzina la munthuyo ndi funso lalifupi: "Anaphiri, mbale yoyamba yamveka?" Mukafunsa, werengani chamumtima mpaka katatu musanaganize kuti sanamve. Tikamacheza maso ndi maso mnzathu amayankha sekondi isanathe n'komwe, n'chifukwa chake masekondi awiri a chete pafoni amaoneka ngati mwano, chikhalirecho ndi ulendo wa mawu chabe. Funso lopita kwa onse pa Zoom silikhala ndi mwini wake: aliyense amadikira mnzake, kapena atatu amayankhira limodzi n'kusokonezana. Funso lokhala ndi dzina limayankhidwa. Anaphiri akayankha kuti, "Zamveka, mkwatibwi akugwedeza mutu, amayi kuno aseka," mwapeza zimene maso anu akanakuuzani muholo. Akapanda kuyankha kawiri, siyani kulankhula, yang'anani foni. Mwatayapo mphindi ziwiri basi, ndipo mukalowanso mukudziwa poyambira: "Ndinali pa mbale yachiwiri."

Ena adzakuuzani kuti anthu azilemba pa Chat. Zimathandiza ngati mwana wanu wakhala pambali n'kumakuwerengerani. Inu nokha simungawerenge pepala, kuyang'ana kamera ndi kutsata timalemba ta pafoni nthawi imodzi.

Kuduka kuja mwina sikunali kwa netiweki. Zoom yaulere imatseka msonkhano ikakwana mphindi 40. Inu mukuwadziwa mashawa athu: kudikirana, pemphero, malonje, wina kufunafuna potsegulira maiki, ndiye mlangizi amapatsidwa mpata nthawi itatha kale. Funsani okonza ngati Zoom yawo ndi yolipira. Ngati ndi yaulere, pemphani kuti mulankhule msonkhano ukangoyamba, kapena autseke n'kuutsegulanso inu musanayambe. N'chifukwa chakenso ndaika mbale ya kumudzi patsogolo. Muholo timasunga mfundo yamphamvu kuti tidzatsekere, koma pafoni simudziwa ngati mudzafika kumapeto, ndiye yofunika kwambiri izipita koyamba.

Ngati pepala lanu limatenga mphindi 25 muholo, lifupikitseni lisapitirire 10. Musayerekeze ndi maso, liwerengeni mokweza wotchi ili pambali. Chiganizo chimene simungachimalize ndi mpweya umodzi muchidule pawiri, chifukwa netiweki ikameza mawu atatu pakati pa chiganizo chachitali, chonse chimatayika. Ziwerengero muzinene kawiri, ndipo muzitchula ngati ndi makwacha kapena marandi. Lembani ndi zilembo zazikulu patsamba limodzi la pepala, kuti musamatembenuze likuchita phokoso pafupi ndi maiki. Foni muiimike pa mulu wa mabuku kuti ikhale molingana ndi maso anu, pepalalo mulimate pakhoma kuseri kwa foniyo, ndipo mukhale moyang'ana kuwindo kuti nkhope iwale. Mukaika pepala pamiyendo, iwo amangoona duku.

Pali china chimene alangizi ambiri sachiganizira. Muholo mumaona amene alipo. Mwana akalowa mumatsitsa mawu, mwamuna akasuzumira mumasintha nkhani. Pa Zoom simudziwa amene ali kuseri kwa dzina lililonse. Foni ikhoza kukhala pa sipika pabalaza, apongozi aamuna ali pomwepo, ana akudya. Wina akhoza kujambula mawu anu, mawa n'kupezeka m'magulu a WhatsApp a ku Machinjiri. Choncho chilichonse cha kuchipinda, komanso zitsanzo zimene achibale angazindikire kuti mukunena banja la uje, muzichotse papepala ili. Zimenezo mudzamuimbire mtsikanayo payekha tsiku lina.

Kutatsala masiku awiri, yeserani ndi Anaphiri anu aja pa nthawi yomweyo ya tsiku imene shawa idzachitike. Nthawi ya Malawi ndi ya ku Joni ndi imodzi, palibe zowerengera, koma ngati pali achibale a ku Mangalande, iwo amakhala m'mbuyo ndi ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo. Poyeserapo iye azimitse kamera, kuti muzolowere kulankhula ndi dzina lokha, ndipo mudzaone ngati pakhomo panupo ikugwira bwino ndi Airtel kapena TNM. Mukatha, jambulani malangizo onse ngati uthenga wa mawu pa WhatsApp, chigawo chilichonse pachokha, muwatumizire okonza. Magetsi akadzazima kapena netiweki ikadzakana, adzangowaseweretsa pa sipika. Patsikulo foni ikhale yodzaza moto, ndipo muuze a pakhomo kuti asakuimbireni nthawi imeneyo, chifukwa foni yolowa imatha kukudulani mawu pakati.

Azakhali