Kubweza Ngongole Zingapo: Tiyambire Yaing'ono Kapena Yodula?

M'makomo ambiri a m'wodi yathu ngongole sikhala imodzi. Pamakhala ya kugolosale, ina ya ku bungwe lobwereketsa ndalama, inanso ya ku banki m'khonde, ndipo mwezi ukatha onse amayang'ana thumba limodzimodzilo. Munthu akapereka kwa aliyense ndalama imene anagwirizana, n'kutsala ndi kangachepe, kotsalako akaponye pa ngongole iti? Alangizi a zachuma amatchula njira ziwiri. Yoyamba ndi kuyambira ngongole yaing'ono kwambiri. M'Chingerezi amaitcha sinobo, ndipo amene anaitchukitsa ndi mlangizi wa ku America, Dave Ramsey. Yachiwiri, imene amaitcha avalanchi, ndi kuyambira ngongole ya chiwongoladzanja chokwera kwambiri. Maina onsewa achokera ku chipale chofewa, chimene kuno sichigwa, choncho ife tingoti njira ya yaing'ono ndi njira ya yodula.

Pali mfundo imene njira zonse ziwiri zimagwirizana. Ngongole iliyonse imalandira gawo lake la pamwezi mosaphonya, ndalama yowonjezera imapita ku ngongole imodzi yokha, ndipo ngongoleyo ikatha, zonse zimene zimapita kumeneko zimasamukira ku yotsatira. Zimangosiyana pa mndandanda.

Tiyeni tione ndi manambala ongoyerekeza. Mayi wogulitsa tomato pamsika ali ndi ngongole zitatu. Kugolosale anakongola katundu wa K40,000. Palibe chiwongoladzanja, ndipo anagwirizana zomapereka K5,000 pamwezi. Ku bungwe lobwereketsa ndalama kwatsala K80,000, chiwongoladzanja chake ndi 5 peresenti pamwezi, ndipo amapereka K10,000. Ku banki m'khonde anatenga K120,000 pa 10 peresenti pamwezi, ndipo amapereka K15,000. Zonse pamodzi ndi K240,000. Magawo a pamwezi akukwana K30,000, koma mayiyu angathe kupatula K60,000, ndiye kuti ali ndi K30,000 yowonjezera. Tiwerengera kuti chiwongoladzanja chimaikidwa pa ndalama yotsala mwezi ukamatha, kenaka iye n'kulipira.

Akatsata njira ya yaing'ono, mwezi woyamba agolosale alandira K35,000, ndipo mwezi wachiwiri ngongoleyo yatha ndi K5,000 yotsalayo. Mwezi womwewo K40,000 ipita ku bungwe lija, ndipo pofika mwezi wachitatu nakonso wamaliza. M'miyezi itatu yokha anthu awiri aleka kumufunsa. Koma taonani zimene zakhala zikuchitika ku banki m'khonde. Mwezi woyamba chiwongoladzanja chinali K12,000, choncho pa K15,000 imene anapereka, K3,000 yokha ndiyo inachepetsa ngongole. Mwezi wachitatu ukutha, ngongoleyo idakali pa K104,655. Kuyambira apo K60,000 yonse ikupita kumeneko, ndipo amaliza mwezi wachisanu, atawonjezera K633 pamwamba pa K60,000 ya mweziwo. Chiwongoladzanja chonse chimene wapereka ndi K60,633.

Akatsata njira ya yodula, ku banki m'khonde apereka K45,000 mwezi uliwonse, kwinako n'kumangopereka magawo a masiku onse. Ngongole ya K120,000 itsika kufika pa K87,000, kenaka K50,700, kenaka K10,770, ndipo itha mwezi wachinayi. Yotsala ya mweziwo ipita ku bungwe. Mwezi wachisanu apereka K42,036 yokha, yomalizira bungwe ndi golosale pamodzi. Chiwongoladzanja chonse ndi K42,036 (kufanana kwa manambala awiriwa kwangochitika chifukwa miyezi inayi ya K60,000 ikukwana ndendende K240,000 imene anakongola).

Njira zonse zatha mwezi wachisanu, koma ya yodula yasiya pafupifupi K18,600 m'manja mwa mayiyu. Chifukwa chake n'chosavuta. K1,000 iliyonse imene wabweza ku banki m'khonde imamupulumutsa ku K100 ya chiwongoladzanja mwezi wotsatira. Akaibweza ku bungwe imamupulumutsa ku K50. Akaibweza kugolosale sipulumutsa kanthu. Malinga ngati chiwongoladzanja chikuwerengeredwa pa ndalama yotsala, njira ya yodula singaposedwe pa masamu.

Nanga n'chifukwa chiyani ambiri amakondabe kuyambira yaing'ono? Ena amati imalimbitsa mtima, ndipo n'zoona: kulipira miyezi itatu yathunthu popanda ngongole ndi imodzi yomwe yofufutidwa m'buku kumafooketsa. Koma pali phindu lina logwirika limene silitchulidwa kawirikawiri. Pa njira ya yaing'ono, ndalama imene mayi uja ayenera kupeza mwezi uliwonse, zivute zitani, imatsika kuchoka pa K30,000 kufika pa K25,000 ukatha mwezi wachiwiri, ndi K15,000 ukatha wachitatu. Pa njira ya yodula imakhalabe K30,000 mpaka mwezi wachinayi. Kwa munthu wa malipiro a pamwezi zimenezi zilibe kanthu. Kwa wa geni amene akulowa miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene chimanga chakwera mtengo ndipo ogula achepa pamsika, kusiyanaku kungakhale kumene kumamupulumutsa ku chindapusa. K18,600 ija tingaitenge ngati mtengo wogulira mpata umenewo. Ine ndimaona kuti pamene ziwongoladzanja zatalikirana chonchi, 10 peresenti ndi ziro, mtengowo ndi wokwera. Zikakhala zoyandikana, monga 5 ndi 6 peresenti, kusiyana kumachepa kwambiri ndipo palibe cholakwika kuyambira yaing'ono.

Musanasanje ngongole zanu, funsani mmene chiwongoladzanja chimawerengeredwa, pakuti apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Obwereketsa ena amawerengeratu chiwongoladzanja cha nthawi yonse pa ndalama imene munatenga, n'kugawa zonsezo m'magawo ofanana. Mukabwereka K80,000 n'kuuzidwa kuti mubweza K104,000 m'miyezi isanu ndi umodzi, kaya mumalize msanga kaya ayi, ndiye kuti kuthamangira ngongole imeneyo sikukupulumutsani ngakhale tambala. Funso lowafunsa ndi ili: ndikabweza yonse lero, ndipereka zingati? Yankho likakhala lofanana ndi magawo onse otsala mutawaphatikiza, ngongoleyo muiike kumapeto kwa mndandanda ngati ya kugolosale ija. Onetsetsaninso kuti mukuyerekeza zinthu zofanana. Ngongole ya 36 peresenti pachaka imamveka yoopsa kuposa ya 10 peresenti pamwezi, chonsecho yoyambayo ndi 3 peresenti yokha pamwezi.

Palinso ngongole zimene sizimvera mndandanda uliwonse. Ngati munaika chikole, monga njinga kapena makina osokera amene mumapezera ndalama, ndipo tsiku lolanda layandikira, imeneyo ndiyo yoyamba. Ngongole ya ku banki m'khonde iyenera kutha gulu lisanagawane ndalama, apo ayi adzadula pa masheya anu, ndipo anzanu amene akudikira ndalamazo ndi anansi amene mumatunga nawo madzi pamjigo umodzi. Ya katapila, imene imatha kukula ndi theka kapena kuposa apo pamwezi umodzi, siyofunika kuiganizira kawiri.

Chimene chimawononga njira zonse ziwiri ndi chimodzi: ngongole yoyamba ikatha, ndalama yake imasungunukira m'ndiwo ndi mayunitsi a foni m'malo mosamukira ku yotsatira. Mayi uja akanati atamaliza golosale ndi bungwe n'kubwerera kumapereka K15,000 yokha ku banki m'khonde, pa ngongole ya K104,655 chiwongoladzanja chikanadya K10,466 mwezi wotsatira, ndipo ngongoleyo ikanatsika ndi K4,534 yokha. Kuti muone ngati zikuyenda, lembani m'kope ndalama yotsala pa ngongole iliyonse tsiku lomaliza la mwezi, n'kuphatikiza. Mwezi umene chiwerengerocho sichinatsike, yang'anani ngongole imene gawo lake la pamwezi lachepa kuposa chiwongoladzanja chake, ndipo ndalama yowonjezera ya mwezi wotsatira ipite kumeneko.