Mwasinthitsa galimoto yakale: mwapindula kapena mwaluza?

Wowulutsa: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wogulitsa zipangizo zomangira ku Dedza. Akuti: "Pikiapu yathu tinaigula K20 miliyoni zaka zinayi zapitazo. Ogulitsa magalimoto aitenga pa K6 miliyoni, ife n'kuonjezera K39 miliyoni kuti atipatse yatsopano ya K45 miliyoni. Kodi ndilembe kuti taluza K14 miliyoni?"

Katswiri: Ayi mayi, musayerekeze ndi mtengo wogulira. Galimoto ikamagwira ntchito, mtengo wake m'mabuku umatsitsidwa chaka ndi chaka. Tinene kuti mumachotsa K4 miliyoni pachaka. Pa zaka zinayi mwachotsa K16 miliyoni, ndiye m'mabuku yatsala ya K4 miliyoni. Iwo akuwerengerani K6 miliyoni, choncho mwapindula K2 miliyoni. Akanakuwerengerani K3 miliyoni, mukanaluza K1 miliyoni. Koma musanawerengere, yambani mwalemba kutsika kwa mtengo mpaka tsiku limene galimotoyo inachoka pakhomo, apo ayi phindu lioneka lochepa.

Wowulutsa: Mnyamata wina wosunga mabuku ku Zomba akufunsa kalembedwe kake, poti ndalama ya galimoto yakale sinafike m'manja.

Katswiri: Achimwene, tsegulani akaunti ya katundu wogulitsidwa. Ku debiti ikani K20 miliyoni ija, muichotse mu akaunti ya magalimoto. Ku kirediti ikani K16 miliyoni ya kutsika kwa mtengo, komanso K6 miliyoni imene anakuwerengerani. Kirediti yakwana K22 miliyoni, yaposa debiti ndi K2 miliyoni, ndipo imeneyi ipite ku akaunti ya phindu ndi kuluza. Musaisakanize ndi ndalama za malonda a tsiku ndi tsiku. Galimoto yatsopano ilembedwe K45 miliyoni: K39 miliyoni yochoka ku banki, K6 miliyoni yochoka ku yakale. Ambiri amangolemba zimene zatuluka ku banki. Mudzawadziwa poona kuti pikiapu imene inapita kalekale ikadali pa mndandanda wa katundu, ndipo mtengo wake ukutsitsidwabe.

Wowulutsa: Pomaliza, bambo wina wa ku Mzuzu akuti mnzawo anagula galimoto yonga yatsopano ija pa K43 miliyoni chifukwa analipira kashi.

Katswiri: Apa mpofunika maso, bambo. Wogulitsa amatha kukweza mtengo wa yakale kuti mukopeke, m'malo mokutsitsirani yatsopano. Ngati mtengo weniweni wa kashi ndi K43 miliyoni, inu n'kulipira K39 miliyoni monga mayi aja, ndiye kuti yakale aitenga pa K4 miliyoni basi. Phindu palibe, ndipo yatsopano ilembedwe K43 miliyoni. Mukalemba K45 miliyoni, mudzionetsa phindu labodza chaka chino, kenako muzidzalibweza pang'onopang'ono potsitsa mtengo wokwera mopitirira. Musanasaine, funsani mtengo wa kashi, aulembe papepala.